Mizere Inayi, Zaka Makumi Awiri

Fomu ija idakhala pa thebulo masiku atatu. Tsamba loyamba ndidalidzaza osatuluka ndi thukuta lomwe: dzina, tsiku lobadwa, mudzi, mfumu yaikulu, boma, nambala ya chitupa cha unzika. Za sukulu nazo sizidavute poti satifiketi ya Fomu 4 ndili nayo, ya 2003, ngakhale idayamba kufiira m'mbali. Koma nditatembenuza tsamba lachiwiri, cholembera chidaima chokha.

Padali bokosi la mizere inayi. Pamwamba pake adalembapo m'Chingerezi kuti tifotokoze ntchito zimene tidagwirapo, kuyambira yomaliza kubwerera m'mbuyo. Mzere uliwonse udali ndi timipata tisanu ndi kamodzi: dzina la amene adakulembani ntchito, udindo wanu, mwezi woyamba ndi mwezi wosiya, zimene munkachita, malipiro, ndi chifukwa chosiyira. Pansi pake padali malo a mboni ziwiri.

Ine bwana womaliza ndidasiyana naye mu Okutobala 2005, sitolo yapikulitsa imene ndinkagwirako ukalaliki ku Limbe itatsekedwa. Kuchoka apo mpaka Disembala 2023 ndidali munthu wa geni. Ndidagulitsapo maloko ndi matochi m'khonde, ndidakhalapo ndi benchi ya misomali mu msika wa Ndirande, kenaka kashopu ka hadiweya ku Chirimba. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndidaona kuti ndalama ya katundu amene ndagulitsa dzulo siingagulenso theka la shelefu imene ndachotsapo katunduyo. Amisiri amene ndidawakongoza adayamba kudzera njira yakuseri. Pofika Khirisimasi ndidabweza makiyi kwa alandilodi. Tsono mu Febuluwale 2024, ndili ndi zaka 40, ana atatu pasukulu ndi lendi ya miyezi iwiri pakhosi, ndidapezeka ndikufunsira ntchito yosunga katundu pa kampani ina yomanga.

Mayi a kunyumba adandipeza ndikuyang'anitsitsa bokosilo ngati lili ndi njoka.

“Abambo, lembani zimene munkachitazo basi. Kodi sitimadya?”

Ndidawayankha kuti fomu siifunsa ngati munthu ankadya. Imafunsa dzina la bwana. Ndipo ndivomere pano kuti chondigwira dzanja sichidali kusowa cholemba ayi, adali manyazi. Ndinkaona ngati zaka 18 zonsezo ndidangozitaya kudzala, chifukwa palibe amene adandidindira pepala.

Tsiku lachiwiri kudabwera alamu anga, munthu wodziwa ngodya zonse za tauni. Atamva vuto langa adaseka mpaka kugwira m'mimba.

“Alamu, zimenezi n'zolira nazo? Pali mkulu wina amakonza makalata, chidindo chomwe, K15,000 yokha. Tingosankha kampani ina imene inatsekedwa kale. Tilemba kuti munali wamkulu wa sitolo zaka khumi. Akafunsa ndani, poti eni ake anapita?”

Musandiweruze msanga, inu awerengi, ndikanena kuti usiku umenewo ndidawerenga ndalama zimene zidatsala m'thumba la jekete. Zidakwana. Chidandiletsa si chiyero cha mtima wanga, koma kuti Lamulungu lake ndidakumana ndi mayi ena a kutchalitchi kwathu amene adapuma pa ntchito atakhala zaka zambiri mu ofesi yolemba anthu ntchito. Safunsa adadya phula. Ndidawatsatira mpaka pakhonde pawo, fomu ili m'envulopu.

Adavala magalasi, n'kuwerenga tsamba lachiwirilo mosafulumira. Za kalata ya alamu ndidangozitchula mozungulira, ngati nkhani ya mnzanga wina. Iwo adandiyang'ana pamwamba pa magalasiwo.

“Mwananga, mnzakoyo umuuze izi. Lamulo la penshoni linayamba kugwira ntchito mu 2011. Munthu amene akuti anagwira zaka khumi pa kampani yodziwika, tikamulemba timamufunsa kumene kuli penshoni yake. Akayamba kukanda m'mutu, tadziwa. Chinanso, tauni ino ndi yaing'ono. Kampani imatsekedwa, koma amene ankagwira kumeneko sanafe onse. Mmodzi akhoza kukhala pa thebulo lomwelo la intavyu. Ndipo pansi pa fomu apa, waona pamene usainepo? Ukulumbira kuti zonse n'zoona. Lamulo la ntchito la 2000 limalola bwana kuchotsa munthu nthawi yomweyo, popanda notisi, ngati anapeza ntchitoyo ponama. Likhoza kukupeza patapita zaka zitatu, utazolowera kale malipiro.”

Kenaka adanena chinthu chimene chidamasula mfundo yonse. Adati bokosi lija, ngakhale lili ndi timipata tambiri, limafunsa mafunso atatu okha. Udali kuti mwezi uliwonse wa zaka zimenezi? Manja ako adaphunzira chiyani kumeneko? Ndani angavomereze kuti n'zoona? Adati munthu wa geni angathe kuyankha onse atatu, kungoti mayankho ake sali mu kalata imodzi ngati a mnzake wa mu ofesi. Ali mbalambanda m'mabuku, m'malisiti ndi m'mitu ya anthu, ndipo ntchito yake ndi kuwatolera.

Ndidayamba ndi funso loyamba, la nthawi. Apa ndidazindikira kuti munthu wodzilemba yekha ntchito sasunga madeti. Palibe tsiku limene adakulandira pa geti, palibe tsiku limene adakutsanzika. Geni imayamba ngati chimfine, umangozindikira uli nayo. Ndikadangolemba kuti 2005 mpaka 2023 ndinkachita bizinesi, mzere umodzi, ukadakhala ngati thumba lomanga pakamwa: wowerenga sadziwa ngati muli chimanga kapena mchenga. Mayi aja adati ndidule zakazo m'zigawo, ndipo podula pakhale pamene china chake chidasinthadi, kaya malo, kaya mtundu wa katundu, kaya kukula kwa ntchito.

Ndidatsitsa katoni imene inkakhala pamwamba pa wadirobu. Mudali mabuku a hadikava asanu ndi anayi, ena odyedwa ndi mphemvu, malisiti omanga ndi mphira, ziphaso za msika zothothoka, ndi malaisensi a khonsolo ya mzinda. Buku lakale koposa lidayamba mu 2008. Za m'mbuyo mwake ndidazipeza njira ina. Ndimakumbuka kuti ndidachoka m'khonde ku Limbe pamene boma lidachotsa mavenda m'misewu, ndipo zimenezo zidachitika mu Epulo 2006, aliyense wa mu Blantyre akudziwa. Benchi ya ku Ndirande ndidaipeza mwezi wotsatira. Kutha kwake nako ndidakupeza chimodzimodzi. Kwacha idagwa mu Meyi 2012, dola kuchoka pa K168 kufika pa K250, ine n'kukakamira mpaka Disembala, pamene uthenga udabwera woti bambo adwala kumudzi. Tsiku lotsegula shopu ya ku Chirimba lidali m'kabuku ka lendi ka alandilodi: Malichi 2014. Ndipo kadi la sikelo la mwana wathu wachiwiri lidavomereza, poti ndimakumbuka kuti tinkapaka laimu m'shopumo iye ali ndi milungu iwiri.

Nditafoletsa zonse papepala lapadera, zidatuluka zigawo zinayi, zokwanira ndendende mizere inayi ija. Shopu ya ku Chirimba, Malichi 2014 mpaka Disembala 2023. Kumudzi ku Thyolo, Januwale 2013 mpaka Febuluwale 2014. Khonde ndi benchi, zimene ndidaziphatikiza poti katundu wake adali wofanana, Novembala 2005 mpaka Disembala 2012. Ukalaliki wa ku Limbe, Febuluwale 2004 mpaka Okutobala 2005. Mwezi wosiya apa unkagundana ndi mwezi woyamba apo, popanda bowo. Mayi aja adati wowerenga fomu amayendetsa chala m'mbali mwa madeti asanawerenge china chilichonse, ndipo chala chikagwera m'bowo, mutu wake umayamba kudzaza wokha: kapena adali kundende, kapena adachotsedwa atabera bwana.

Chigawo cha ku Thyolo ndicho ndidafuna kuchibisa. Miyezi 14 yosamalira bambo mpaka kuwaika, ndikulima ekala imodzi ya chimanga ndi nandolo. Ndidaganiza zongokoka benchi ya ku Ndirande kuti ifike 2014, ndani akadadziwa? Koma wapampando wa mavenda amene ndinkafuna kuti andichitire umboni ndi yemwe adagulitsa malo anga kwa munthu wina mu Januwale 2013. Bodza laling'onolo likadasandutsa mboni yanga kukhala mdani wanga. Ndidalemba momwe zidalili: sindinali pa ntchito, ndinkasamalira kholo lodwala ndi kulima kumudzi. Mawu ochepa, opanda kudandaula.

Kampata ka dzina la bwana ndidakadzaza ndi mawu a Chingerezi otanthauza kuti wodzilemba yekha ntchito, kenaka dzina la shopu ndi malo ake. Apa padali kamsampha kena. Shopu ndidatsegula mu 2014, koma dzina lake ndidakalembetsa ku boma mu 2016, sukulu ina itakana kugula kwa ine popanda satifiketi. Munthu woona 2014 pa fomu ndi 2016 pa satifiketi angati wagwira wakuba. Choncho ndidalemba zonse ziwiri pa mzere womwewo: idayamba 2014, idalembetsedwa 2016. Pa mzere wa benchi sindidapeke dzina lililonse, chifukwa benchiyo idalibe dzina. Ndidalemba kuti wodzilemba yekha, msika wa Ndirande, chigawo cha hadiweya.

Pa udindo, alamu adati ndilembe kuti mkulu woyendetsa kampani, poti ndi mmene ena amalembera pa timakadi tawo. Mayi aja adaseka. Adati munthu amene akudzitcha mkulu wa kampani n'kumafunsira ntchito yowerenga matumba a simenti amadzetsa mafunso awiri, ndipo onse ndi oipa: kapena akunama, kapena sadzamvera kapitawo. Ndidalemba kuti mwini ndi woyendetsa shopu. Pa benchi, wogulitsa payekha.

Tsono funso lachiwiri, la zimene ndinkachita. Poyamba ndidalemba kuti kugula ndi kugulitsa katundu. Mayi aja adabweza pepalalo.

“Izi ngakhale mwana wogulitsa zitumbuwa angalembe. Tandiuza, Lolemba m'mawa unkatani?”

Ndidayamba kufotokoza, iwo akulemba. Lolemba ndinkayenda ndi buku m'mashelefu kuona chimene chatsika, n'kulemba oda. Katundu akafika sindinkasaina ndisanawerenge ndekha ndi kufananiza ndi invoisi. Malata ndinkayang'ana geji yake, chifukwa a 32 ndi opyapyala kuposa a 28 ndipo mtengo wake ndi wosiyana, koma pa lole amaoneka amodzimodzi. Simenti ndinkaisanja pa matabwa, osagunda khoma, matumba osapitirira khumi kukwera m'mwamba, ndipo yofika kale ndiyo inkayamba kutuluka, popeza simenti ikakhalitsa miyezi itatu m'chinyezi cha dzinja imayamba mibulu. Misomali ndinkagula ya makilogalamu 25 n'kumagulitsa pa kilo, ndipo ndinkadziwa kuti pa sikelo pamatayika pafupifupi theka la kilo. Ikasowa yoposa apo ndiye kuti si sikelo, ndi dzanja la munthu. Loweruka lomaliza la mwezi tinkatseka msanga n'kuwerenga sitoko yonse.

“Ndiye ukuti sunagwirepo ntchito yosunga katundu?” adatero mayiwo. “Imeneyi ndi ntchito imene alengezayi. Wakhala ukuigwira zaka khumi popanda wokulipira.”

Adandiuza kuti nditenge chilengezo cha ntchitoyo, ndione zimene akufuna, ndipo pa zimene ndinkachitadi ndisankhe zogwirizana nazo, chilichonse chikhale ndi nambala imene buku langa lingaikire umboni. Kampatako n'kakang'ono, sikalola nthano. Ndidalemba zinayi: kuoda ndi kulandira katundu wa mitundu pafupifupi 120, kuwerenga sitoko mwezi ndi mwezi ndi kusunga kaundula wake, kusunga buku la ngongole la amisiri 30, kuyang'anira antchito awiri. Nambala ya 120 sindidaitole m'mwamba. Ndidawerenga mizere ya sitoko ya Juni 2022 ndipo idakwana 118. Za luso langa lonyengerera kasitomala, limene ndinkanyadira koposa, sindidalembe. Wosunga katundu sanenerera mitengo.

Kampata ka malipiro ndiko kadandidyera usiku wonse. Munthu wa geni ukamufunsa kuti umapeza zingati, amakuuza ndalama imene imadutsa m'manja mwake, ndipo ambiri tidagwa chifukwa chosasiyanitsa imeneyo ndi yathu. Ndidatenga 2022, chaka chomaliza chimene zinthu zidayenda bwino, n'kupeza za mwezi umodzi wapakatikati. Zogulitsa zinkakwana K2,400,000. Katundu yemweyo ndidamugula K1,950,000, kutsala K450,000. Lendi K60,000, anyamata awiri K100,000, thiransipoti K50,000, magetsi, mlonda ndi laisensi K30,000. Zotsala zenizeni K210,000. Pa imeneyo K60,000 inkabwerera mu mpamba, ndipo kunyumba kunkapita K150,000.

Nambala zitatu, kampata kamodzi. Ndikadalemba K2,400,000, akadati uyu sitingamukwanitse, kapena akadati ndi wabodza. Ndikadasiya posalemba, akadati akubisa. Yofanana ndi malipiro ndi imene inkafika kunyumba. Ndidalemba kuti pafupifupi K150,000 pa mwezi mu 2022, yosinthasintha. Chaka ndidachitchula dala, chifukwa ndalama ya 2022 si ya 2024, ndipo sindinkafuna kuti adzandiyeze ndi muyeso wakale. Pa mzere wa benchi, pamene mabuku ake adali osakwanira, ndidangolemba kuti zinkasinthasintha.

Chifukwa chosiyira ndidachilemba katatu. Koyamba ndidadzudzula boma, kachiwiri ndidadzudzula angongole. Mayi aja adati zonsezo zikhoza kukhala zoona, koma wolemba ntchito ali ndi mantha ake pa munthu wochokera ku geni, ndipo mzere umenewu ndi umene amayang'anapo yankho. Amaopa kuti wabwera kudzapuma chabe, akapeza mpamba athawa. Amaopanso choposa apo, kuti munthu wodziwa kumene misomali imagulitsidwa ukamupatsa makiyi a sitolo, shopu yake idzatsegukanso ndi katundu wako. Adati ngati shopu idatsekedwadi, ndinene mosabisa kuti idatsekedwa. Kachitatu ndidalemba kuti bizinesi idatsekedwa mu Disembala 2023 mpamba utachepa kaamba ka kugwa kwa kwacha, ndipo ndikufuna ntchito yokhazikika. Kulemba mawu oti idatsekedwa kudandiwawa ngati kusaina chikalata cha maliro. Koma mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Lidatsala funso lachitatu, la mboni. Wachibale sawerengedwa, ngakhale akhale woona mtima chotani. Abusa angachitire umboni khalidwe lako, koma sadziwa ngati umatha kuwerenga sitoko. Amene ali nawe ngongole, kapena amene uli naye ngongole, mawu ake ali ndi mbali. Pafunika munthu amene adaona ntchito yako ndi maso, amene ali ndi malo odziwika ndi foni yoyankhidwa. Ndidasankha manijala wa sitolo yapikulitsa imene ndinkaodako katundu zaka zisanu ndi zitatu, amene ankandipatsa katundu wolipira pakatha masiku 14, ndi kontirakitala wina amene ndidamuperekera zipangizo pa nyumba zinayi. Wapampando wa mavenda uja ndidamusunga pa kalata yapadera ya mzere wa benchi.

Onse ndidawayendera ndisanalembe maina awo, ndipo ndidachita bwino. Kontirakitala uja nditamufunsa kuti akukumbuka kuti shopu yanga idayamba liti, adati 2017, chifukwa ndi chaka chimene iye adayamba kugula kwa ine. Akadaimbiridwa foni mwadzidzidzi akadandidula zaka zitatu, osati mwankhanza, koma poti mboni imanena chimene idaona. Sindidamuuze kuti asinthe. Ndidangolemba pafupi ndi dzina lake kuti kasitomala kuyambira 2017. Ukayenda siya phazi, adatero akale. M'maulendo amenewa ndidaona kuti mapazi anga adalipo ndithu, kungoti palibe adandiuzapo kuti tsiku lina ndidzawafuna.

Chodabwitsa n'chakuti mzere wovuta kuutsimikiza udali wa ntchito yeniyeni ija, ya ku Limbe. Lamulo limapatsa wantchito ufulu wopempha chikalata posiya ntchito, chonena kuti adagwira nthawi yaitali bwanji, pa udindo wanji, pa malipiro anji. Ine mu 2005 sindidapemphe, ndidangotenga ndalama zanga n'kumapita. Eni sitolo adachoka kalekale. Ndidaulemba mzerewo momwe udalili, n'kuonjeza kuti sitoloyo idatsekedwa. Mzere wa bwana udalibe pepala ngakhale limodzi, pamene mzere wa geni udali ndi katoni yathunthu.

Ku fomu ndidamata mafotokope atatu okha: satifiketi yolembetsera bizinesi, laisensi ya khonsolo ya 2023, ndi kalata ya manijala uja. Mabuku ndidasunga kuti ndidzanyamule akadzandiitana.

Ndisakunamizeni kuti choonadi chimatsegula khomo lililonse. Tsamba lomwelo ndidalikopera pa mafomu atatu. Malo awiri sadandiyankhe n'komwe, ndipo kumodzi ndidamva kuti ankangosankha okhala ndi dipuloma ndi makalata a makampani. Kumeneko katoni yanga siikadathandiza, ngakhale ikadakhala ndi mabuku zana. Fomu yolembedwa bwino siisandutsa benchi kukhala koleji. Imangochititsa kuti amene ali wokonzeka kukuwerenga apeze chowerenga.

A kampani yomanga adandiitana mu Malichi. Adali atatu kuseri kwa thebulo. Wapakati adayendetsa chala m'mbali mwa madeti, monga momwe mayi aja adanenera, n'kuima pa Thyolo.

“Pepani za bambo,” adatero, chala n'kupitirira. Miyezi 14 imene idandisowetsa tulo idatha ndi mawu atatu.

Wakumanzere ndiye adali ndi mano.

“Bambo, mwakhala bwana wa inu nokha zaka 18. Pano kapitawo wanu ndi mwana wa zaka 27. Mudzamumvera?”

Ndidati pa benchi bwana wanga adali aliyense wobwera ndi K200 ya misomali, ndipo ena adali aang'ono kuposa apo. Sadaseke. Adafunsa lina.

“Lole yabwera ndi simenti. Pepala likuti matumba 600, inu mwawerenga 596. Dalaivala akuti achedwa, mungosaina, anayiwo abweretsa mawa. Mutani?”

Ndidati ndiwerenganso kachiwiri dalaivala ali pomwepo. Akakhalabe 596, ndilemba 596 pa pepala lake ndi langa, asaine pafupi ndi nambalayo, ndipo ndiimbira ofesi lole isanatuluke pa geti. Adafunsa kuti ndidaziphunzira kuti. Ndidatsegula hadikava ya 2015, tsamba la Ogasiti, pamene ndidalemba ndi inki yofiira malata asanu ndi limodzi amene ndidasainira osawerenga, amene mawa lake silidafike mpaka lero. Bukulo lidayenda m'manja mwa onse atatu. Wakumanzere uja adalisunga nthawi yaitali kuposa anzake, akutembenuza masamba a sitoko.

Patapita sabata manijala wa sitolo yapikulitsa adandiimbira kuti anthu ena amufunsa za ine. Adamufunsa zinthu ziwiri zokha: ngati ndinkalipira pa tsiku lake, ndi ngati ndidabwezapo katundu amene adandipatsa mopitirira. Ndidayamba ntchito pa 2 Epulo 2024, miyezi itatu yoyamba ili yoyesedwa. Malipiro ake sadafike pamene ndinkalota, koma amabwera pa tsiku lake, ndipo kapepala kake kalikonse ndimakaika mu katoni ija, pamwamba pa mahadikava.

Mwezi wa Juni chaka chomwecho, Loweruka madzulo, kudabwera mmodzi wa anyamata anga a ku shopu, envulopu ili m'manja. Adakhala pa mpando womwe ndidakhalapo ine, n'kutulutsa fomu ya ntchito ya mu sitolo ina ya m'tauni. Tsamba loyamba adali atadzaza bwinobwino. Lachiwiri lidali loyera.

“Bwana, apa ndiye ndasowa cholemba. Paja ine sindinagwirepo ntchito.”

Mnyamata ameneyu adanditsegulira shopu hafu sikisi m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Ndidachita manyazi a mtundu wina, pozindikira kuti pa fomu yake bwana wosapereka chikalata uja ndidali ine. Ndidatsitsa katoni, tidapeza mwezi umene dzina lake lidayamba kuoneka m'buku la malipiro, Meyi 2017, ndipo ndidamuuza kuti asendeze mpando.

“Tandiuza,” ndidatero, “Lolemba m'mawa unkatani?”